Kukonza zolakwika mu vidiyo ya ulaliki wa pa 9 Malichi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a mumpingo wathu kuno ku Rosettenville, Johannesburg, ndi nonse amene mumatitsatira muli kumudzi,

Vidiyo ya ulaliki wa Lamulungu pa 9 Malichi, ya mutu wakuti "Mkhristu ndi ndalama kudziko la eni", inatuluka ndi zolakwika ziwiri. Zonse zili m'mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Abusa analalikira molondola. Zinasokonekera kwa ife pokonza vidiyoyo, ndipo tikupepesa kwa iwo ndi kwa inu.

Cholakwika chachikulu chili pa 17:40. Panalembedwa kuti "Ndalama ndi muzu wa zoipa zonse, 2 Timoteo 6:10". Vesi lotere mulibe m'Baibulo, ndipo 2 Timoteo ali ndi mitu 4 yokha. Mawu amene abusa anawerenga ali pa 1 Timoteo 6:10, ndipo mu Buku Lopatulika amayamba motere: "Pakuti muzu wa zoipa zonse ndiwo chikondi cha pa ndalama". Polemba tinafupikitsa kuti mawu akwane mzere umodzi pa foni, ndipo tinawalemba pamtima, Baibulo lili chitsekere. Mawu amene anagwawo ndi amene anyamula tanthauzo. Paulo sakudzudzula ndalama, akudzudzula mtima wozikonda. Izi si zazing'ono kwa ife amene tinasiya kwathu kudzagwira ntchito kuno. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton kuti atumize fizi ya mwana ku Dedza asawerenge mawu athu olakwikawo n'kumadziona ngati wochimwa. Werengani kuyambira vesi 6 mpaka 10, komanso 17 mpaka 19, mumve uthenga wonse.

Chachiwiri chili pa 4:12, pamene abusa ankakumbutsa kuti amishoni a Dutch Reformed ochokera m'dziko lino ndi amene anayambitsa mishoni ya ku Mvera. Ife tinalemba 1898. Chaka cholondola ndi 1889, pamene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikika ku Mvera, m'dera la Mfumu Chiwere. Manambala awiri omaliza anasinthana polemba. Mishoni ya ku Nkhoma inadza pambuyo pake, mu 1896, choncho 1898 ikanaonetsa ngati Nkhoma ndiyo inayamba.

Pa YouTube sizitheka kulowetsa vidiyo yatsopano pa linki yakale. Ndiye yakaleyo taichotsa, ndipo taika yokonzedwa pa linki ina. Mutu wake ukuyamba ndi mawu akuti YOKONZEDWA, ndipo chidziwitso chino chili m'munsi mwake. Mawu a abusa sitinadule ngakhale amodzi. Tasintha mizere iwiri yolembedwa ija basi. Tachita chimodzimodzi pa Facebook. Ndemanga zimene munalemba pa vidiyo yakale zapita nayo limodzi, pepani.

Vuto latsala pa WhatsApp. Kachidutswa ka masekondi 45, kamene kali ndi vesi lolakwika lija, kanayenda m'magulu ambiri, ndipo "Delete for everyone" imagwira pa masiku awiri okha chitumizireni. Nthawiyo inadutsa. Ngakhale ikanagwira, sikanafika kwa amene anakatumiza kale kwina. Apa ndiye tikudalira inu. Ngati kali mufoni mwanu, kafufuteni pa macheza komanso mosungira zithunzi, chifukwa kamatsalira m'menemo. Ngati munakatumiza ku gulu la amayi, la kwaya, la mlaga kapena kwa achibale kumudzi, bwererani komweko mukaike linki yatsopano pamodzi ndi chiganizo ichi: "Vesi lolondola ndi 1 Timoteo 6:10, chikondi cha pa ndalama, chaka cha Mvera ndi 1889." Musangofufuta mwakachetechete, poti amene anaonera kale sadzadziwa kuti panali cholakwika. Aphunzitsi a Sande sukulu amene munakopera 1898 m'makope a ana, kakonzeni Lamulungu likudzali.

Kuyambira tsopano vesi lililonse tizilikopera kuchokera m'Baibulo lotsegula, ndi kutchula ngati ndi Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, popeza mawu ake amasiyana. Likatalika tiziligawa mizere iwiri m'malo molidula. Chaka chilichonse tizichiyang'ana m'mabuku awiri a mbiri ya mpingo. Ndipo vidiyo isanatuluke, mkulu wa mpingo mmodzi amene sanaikonze nawo aziionera yonse pa foni, Baibulo lili m'manja, ngakhale zitachedwetsa mpaka Lachiwiri.

Tikuthokoza amayi a Chigwirizano amene anatsegula Baibulo lawo, n'kupeza kuti 2 Timoteo alibe mutu 6, ndipo anatiuza mwaulemu. Mukaona china, uzani mlembi wa mpingo tikaweruka, ndipo mutchule mphindi imene mwachiona.

Ambuye akudalitseni.

Komiti yofalitsa mauthenga
Lachisanu, 14 Malichi