Dongosolo la phunziro la zaumoyo: kusamba m'manja ndi madzi akumwa

Tsiku: 15 Okutobala, tsiku lokumbukira kusamba m'manja pa dziko lonse
Malo: pakhonde la sikelo ya ana, tisanayambe kuyeza
Nthawi: mphindi 25
Omvera: amayi ndi abambo obwera ndi ana kusikelo, komanso odikira kuonana ndi adokotala

Zoti tikonzeretu: matambula awiri oonekera mkati, mchere pang'ono, mafuta odzola, makala osinja, sopo, phulusa, beseni, jagi, ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, makapu awiri, botolo la kolorini, paketi ya mankhwala a ORS obwezeretsa madzi m'thupi.

Cholinga: aliyense achoke pano akudziwa kuti madzi otungidwa pamalo abwino angathe kuipitsidwa kunyumba ndi manja athu omwe.

Poyambira (mphindi 4)

Moni, kenaka funso: "Amayi ndi abambo, ndi angati mwana wawo anatsegulapo m'mimba chaka chino?" Akweze manja, tisafunse mayina. Tionetse matambula awiri a madzi, lina titasungunuliramo mchere anthu asanafike. Asankhe labwino ndi maso okha, kenaka mmodzi alawe. Mawu oti tinene: "Mcherewu simunauone. Tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi nato sitioneka. Timachokera m'chimbudzi cha munthu, n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja, m'madzi, m'chakudya ndi ntchentche."

Kusamba m'manja (mphindi 10)

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Munthu mmodzi adzole mafuta ndi makala m'manja, apatse moni anthu atatu, onse aonetse zikhatho. Kenaka anayiwo asambe m'beseni limodzi motsatizana, popanda sopo. Tifunse womaliza: "Mayi, mwasamba kapena mwatenga za anzanu?" Anthu amaseka, ndipo tiwasiye aseke, chifukwa izi saziiwala.

Tsopano tionetse kasambidwe koyenera, wina akuthirira ndi jagi. Nyowetsani manja, pakani sopo, tikitani zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo kwa masekondi osachepera 20. Tsukuluzani ndi madzi othirira, gwedezani manja kuti aume okha. Osapukutira chovala chomwe mwavala. Sopo akasowa, phulusa loyera limathandiza kuposa madzi okha.

Nthawi zosamba azitchule okha, ife tingokumbutsa zomwe zatsala: pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera kapena kumupukuta, musanakonze chakudya, musanadye, musanadyetse kapena kuyamwitsa mwana. Ya thewerayi imaiwalika kawirikawiri, poti ambiri amati chimbudzi cha khanda n'chosaopsa. Tinene mosabisa kuti nachonso chimafalitsa matenda, ndipo chizitayidwa m'chimbudzi.

Wina akati "madzi ndi akutali, sopo ndi wodula", tisamutsutse, akunena zoona. Timuonetse mpondagiya uli pafupi ndi chimbudzi chathu: kachigubu kamodzi kamakwana anthu ambiri, ndipo kachidutswa ka sopo wochapira komangirira pachingwe n'kokwanira.

Madzi akumwa (mphindi 8)

Kuwateteza kuli pawiri. Kuwiritsa: madzi abwate kwenikweni kwa mphindi imodzi, osati kungotentha, ndipo azizire ali ovindikira. Kuthira kolorini: titsatire muyeso wolembedwa pabotolo, tithire mu ndowa anthu akuona, tisakanize, tivindikire, tidikire mphindi 30 tisanamwe. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu yoyera, chifukwa kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi akuda. Funso la fungo silimalephera kubwera. Yankho lake: kafungo pang'ono n'chizindikiro choti mankhwala alimo, koma fungo likanyanya ndiye kuti muyeso wapitirira.

"Nanga a pamjigo?" Pamjigo angatuluke abwino, koma zala zolowa mu ndowa posenza, masamba oika pamwamba kuti asatayike, ndi kapu imodzi yomwe aliyense amatungira n'kumweranso, zonsezi zimawaipitsa. Tionetse njira ya makapu awiri: ina yachigwiriro yotungira yokha, ina yomwera. Amene ali ndi chigubu chakukamwa kochepa kapena ndowa yampopi, ali bwino koposa. Chosungiramo chizitsukidwa ndi sopo asanathiremo madzi atsopano.

Mwana akatsegula m'mimba (mphindi 3)

Paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, amwe pang'onopang'ono, otsala atayidwe pakatha maola 24. Apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo mankhwala a zinki amalize masiku onse omwe wapatsidwa ngakhale atachira. Abwere naye msanga, ngakhale usiku, ngati akutsegula zamadzimadzi kosalekeza, chimbudzi chili ndi magazi, akusanza chilichonse, maso alowa, wafooka kapena akukanika kumwa.

Tisanaitane woyamba pasikelo, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi abwereze kasambidwe ka m'manja, anzawo akuwakonza. Amene alibe mpondagiya alembetse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo, ndipo tidzawayendera sabata yamawa tili ndi chingwe ndi msomali woboolera chigubu.