Malangizo a kunyumba kwa bambo amene achitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima

Harare, Lachiwiri pa 17 Juni 2025

Bambo,

Ndalemba izi m'Chichewa kuti inu ndi mayi mukawerengere limodzi kunyumba ku Mufakose, popeza zimene timayankhula pa tsiku lotuluka zambiri zimaiwalikira pageti. Pepala la adokotala la Chingerezi lija musalitaye, muzipita nalo kulikonse kumene mukukaonedwa.

Opaleshoni yanu inachitika Lachiwiri pa 10 Juni. Mitsempha itatu imene imadyetsa mtima inali itatsekeka, ndiye adokotala anapanga njira zatsopano zoti magazi azilambalala potsekekapo. Mtsempha umodzi anautenga m'kati mwa chifuwa momwemo, winawo pa mwendo wanu wakumanzere. Kuti afike pamtima anadula fupa la pakati pa chifuwa, ndipo pomaliza analimanga ndi mawaya. Mawayawo sachita dzimbiri ndipo sachotsedwa.

Khungu lipola msanga, mwina masabata awiri kapena atatu, ndipo mphamvu ziyamba kubwera. Fupa ndiye limachedwa. Limayamba kugwirana bwino pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo kulimba kwenikweni ndi pa masabata 12, omwe kwa inu akukwana pa 2 Seputembala. Anthu ambiri amene amabwerera kuno fupa litasuntha ndi amene anadzimva kuti achira mu sabata yachitatu.

Mabala

Muli ndi bala lalitali pachifuwa, timabala tiwiri m'munsi mwake pamene panali mapaipi, ndi bala la pamwendo. Ulusi wa timabala tiwirito mudzachotsetse kuno Lachisanu pa 20 Juni. Wa bala lalikulu uli m'kati ndipo umasungunuka wokha.

Muzisamba tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti kumpopi madzi amabwera mwa apo ndi apo ndipo mumadalira a pamjigo, choncho madzi osambitsira mabala awiritsidwe kaye n'kuzizira mpaka akhale ofunda. Khalani pampando, mayi akuthireni ndi kapu, madziwo azingoyenderera pabala ndi sopo wamba wopanda mafungo. Osakhula ndi chinkhupule kapena mwala, osakhala m'bafa lodzaza madzi. Mukatha, gunditsani pang'onopang'ono kathawulo koyera kamene ntchito yake ndi yomweyo basi. Yambani pachifuwa, mwendo pomaliza.

Pabala musapake kanthu. Vaselini, mafuta odzola, paudala, phulusa, madzi a khonje kapena mankhwala amene abale angabwere nawo ndi mtima wabwino, zonsezi zidikire. Nkhanambo muzisiye zigwe zokha. Kuyabwa, dzanzi kumanzere kwa chifuwa, ndi kachotupa kofewa pamwamba penipeni pa bala, zimenezi zimachitika ndipo zimatha.

Mwendo umavuta kuposa chifuwa, makamaka kwa inu amene muli ndi shuga. Uzitupa madzulo kwa miyezi ingapo. Mukakhala pansi usanjikeni pampando wina, musapingase miyendo, ndipo sokosi yothina imene takupatsani muzivala masana n'kuvula usiku. Akuvekeni ndi mayi, chifukwa kuikoka nokha kumakakamiza chifuwa. Shuga akakwera bala silipola ndipo tizilombo timalowa mosavuta, ndiye muziyeza m'mawa uliwonse musanadye n'kulemba m'kabuku.

M'mawa uliwonse mayi ayang'ane mabala onse pamalo owala. Mukaona kufiira kapena kutupa kumene kukufalikira, kutentha pabala, mafinya, fungo, bala kutseguka, kapena thupi kutentha kufika madigiri 38, bwerani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukamva fupa likuchita ngati kugwedera kapena kulira khe-khe popuma ndi potembenuka.

Kuteteza fupa

Mpaka pa 5 Ogasiti musanyamule chilichonse choposa makilogalamu 5. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndiye za kumjigo muiwale. Thumba la ufa la makilogalamu 10, silinda ya gasi, wilibala, khasu la kudimba, kukoka chingwe cha jenereta magetsi akazima, kukankha galimoto yokana kulira, zonsezi zisiyireni anyamata. Mdzukulu wanu uja akhoza kukhala pamiyendo panu ngati wina wamuikapo, koma musamunyamule.

Podzuka pabedi, tembenukirani chammbali, tsitsani miyendo, kenako dzukani zigongono zili pafupi ndi thupi. Ponyamuka pampando gwiritsani ntchito miyendo, osakankha ndi manja. Masabata oyambawa gonani chagada, mapilo awiri kumutu. Mukafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, kumbatirani pilo pachifuwa. Musaope kutsokomola, chifukwa makhololo akatsalira m'mapapo amayambitsa chibayo, ndipo ino ndi nyengo yozizira. Mukakhala maso, ola lililonse kokani mpweya wambiri kakhumi monga anakuphunzitsani a mafizo.

Galimoto musayendetse mpaka adokotala atakuonani pa 22 Julayi. Mukakwera ya wina mangani lamba, ikani kapilo pakati pa lamba ndi chifuwa. Kombi ndi mushikashika ndikuletseni kwa masabata 6 amenewa: kupanikizana, maenje a mumsewu ndi kugwira chitsulo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, fupa lanu silinakonzekere zimenezo. Pa masiku obwera kuno konzani galimoto ya wachibale kapena takisi.

Mankhwala

Asipilini wa mamiligalamu 75 kamodzi pa tsiku mutadya. Ameneyu amateteza njira zatsopanozo kuti magazi asaundanemo, ndipo ndi wa moyo wanu wonse. Atovasitatini usiku, wochepetsa mafuta m'magazi. Bisopulolo m'mawa, woti mtima usathamange. Metifomini pitirizani monga kale. Mlingo wa alionse walembedwa pa pepala la adokotala ndi pa mapaketi.

Ululu ukabwera imwani parasetamo, mapilitsi awiri a mamiligalamu 500, osapitirira kanayi pa tsiku. Bulufeni, dayikulofenaki ndi mankhwala a ululu ogulitsidwa m'misewu ku Mbare musamwe, chifukwa akaphatikizana ndi asipilini amatha kutulutsa magazi m'mimba ndi kuwononga impso. Mankhwala anu musadikire kuti athe. Akatsala a sabata imodzi kagulenitu ena, ndipo ngati ndalama zavuta tiuzeni tione wolowa m'malo, osangosiya chete.

Kuyenda ndi mafizo a mtima

Opaleshoni yatsegula njira, koma matenda amene anatseka mitsempha aja akadalipo m'thupi. Chimene chimawachedwetsa ndi mankhwala, kadyedwe, kusiya fodya, ndi kuyenda. Abale adzafuna kuti muzingogona iwo azikuchitirani zonse. Athokozeni, koma muwauze kuti achipatala alamula kuyenda.

Sabata ino yendani mphindi 5 katatu pa tsiku, pabwalo kapena mumsewu wa kutsogolo kwa nyumba, wina ali nanu. Muziwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri pakapita masiku awiri, kuti pofika sabata yachitatu muziyenda mphindi 15 kawiri pa tsiku, ndipo pofika pa 22 Julayi mphindi 30 ulendo umodzi. Liwiro lake likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu mukuyenda. Mawu akayamba kuduka, chepetsani. Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani ndi kukhala pansi. M'mamawa mwa Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri ndipo kuzizira kumaumiriza mtima, ndiye dikirani dzuwa likwere, cha m'ma 10 koloko. Mukangodya kumene, dikiraninso ola.

Pa 1 Julayi mudzaonana ndi adokotala a mtima, ndipo tsiku lomwelo a mafizo adzakulembani m'gulu la odwala mtima. Gululi mudzaliyamba adokotala akavomereza pa 22 Julayi, kawiri pa sabata kwa masabata 8. Kumeneko mumapalasa njinga yoima ndi kuyenda pamakina iwo akuyeza kugunda kwa mtima ndi bipi, kenako amayamba kulimbitsa manja ndi mapewa pang'onopang'ono. Kwa munthu wa ntchito ngati yanu ndi gulu limeneli limene lidzatiuze ngati thupi lakonzeka kunyamulanso katundu. Ndalama ya mayendedwe ndikudziwa ndi yambiri, komabe musadumphe.

Za m'nyumba ndi mayi, ambiri amachita manyazi kufunsa. Dikirani masabata 6 mpaka 8. Mukamakwera masitepe a nyumba yosanja kawiri osapuma wefuwefu, mtima ukhoza, bola chifuwa chisalemedwe. Mankhwala opatsa mphamvu, a kufamase kapena a zitsamba, musamwe musanafunse adokotala.

Nsima simunaletsedwe. Ichepe mtanda, ikhale ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zichuluke: repu, kovo, nkhwani, nyemba, nsomba, nkhuku yochotsa khungu. Mchere ndi mafuta ophikira zichepe, matemba aviikidwe kaye kuti mchere uchoke, ndipo nyama yowotcha ya kumapeto a sabata, masoseji ndi zakumwa zotsekemera zikhale za mwa kamodzikamodzi. Fodya ndiye ayi, ngakhale ndudu imodzi. Kusafuna kudya, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga kapena kungolira popanda chifukwa zimachitikira amuna ambiri akachoka kuno. Zikapitirira masabata awiri osasintha, tiuzeni.

Kubwerera kuntchito

Mwandiuza kuti ndinu kapitawo pa nyumba yosungira katundu ku Msasa, ndipo lole ikachedwa kutsitsidwa mumalowapo nokha kuthandiza anyamata. Khalidwe limenelo liyambe laima.

Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa wodwala masiku 90 pa chaka a malipiro onse, ndi ena 90 a theka la malipiro, pakakhala kalata ya dokotala. Kalatayo takupatsani, mwana wanu akaipereke ku ofesi mawa ndipo musunge kope. Musathamangire kubwerera poopa kuchotsedwa.

Zonse zikayenda bwino, tikuganiza kuti muyambe Lachitatu pa 13 Ogasiti, tchuthi cha Ngwazi chitadutsa. Masabata awiri oyamba gwirani theka la tsiku, katatu pa sabata, ntchito ya patebulo yokha: kulemba, kuwerengera katundu, kulangiza. Kenako theka la tsiku sabata yonse, ndipo masiku athunthu akayamba m'Seputembala. Kunyamula, kukwera pamwamba pa katundu, kuyendetsa makina onyamulira katundu ndi mashifiti a usiku zidikire mpaka adokotala atakuonani pa 2 Seputembala ndi kulemba kalata ina yovomereza. Mukaweruka n'kupezeka kuti mawa lake mukulephera kudzuka, bwererani pa maola amene munali nawo sabata yapitayo.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Muzikwera sikelo m'mawa uliwonse n'kulemba m'kabuku ka shuga kaja. Mukawonjezera makilogalamu 2 m'masiku awiri kapena atatu, miyendo yonse ikatupa, kapena mukamalephera kupuma mutagona, ndiye kuti madzi akudzaza m'thupi, bwerani tsiku lomwelo.

Izi ndiye zosadikira kuti kuche: kupweteka kwa pachifuwa kofanana ndi kumene munkamva opaleshoni isanachitike, kubanika mutangokhala, kukomoka, mtima kuthamanga osaleka, katumba kutupa ndi kupweteka mwadzidzidzi, pakamwa kupotoka, mawu kusamveka, dzanja kapena mwendo kufooka, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena magazi kutuluka pabala osaleka. Pitani ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi ku Sally Mugabe, kumene ambiri timati ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa. Musadziyendetse nokha. Gwirizanani lero lomwe ndi woyandikana naye amene ali ndi galimoto ndipo angadzuke usiku, ndipo mapepala anu ndi mapaketi a mankhwala azikhala m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo.

Tionana Lachisanu nthawi ya 9 koloko m'mawa kudzachotsa ulusi. Mubwere ndi kabuku ka shuga ndi sikelo kaja.

Ine,
Namwino wa chipinda cha odwala mtima