Ndondomeko yoyendetsera dandaulo la nkhanza zokhudza kugonana pa esiteti yathu

Kwa: mamanijala a madivishoni onse, akapitawo ndi a komiti ya madandaulo
Kuchokera kwa: mkulu woona za antchito

Nyengo yothyola tiyi yayandikira ndipo tilemba antchito ambiri a sizoni, makamaka amayi. Amenewa ndiwo amaopa kwambiri kudandaula, chifukwa amadziwa kuti munthu amene akuwavutitsayo ndi yemwenso amalemba makilogalamu awo pa sikelo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti kuchitira munthu nkhanza zokhudza kugonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso kukhala kundende zaka 5. Nkhanzazi si kugwirira kokha ayi. Kugwira munthu m'chiuno iye asakufuna, mawu olaula, mauthenga a pafoni, kapena kumuuza kuti "ukandikana sizoni ya mawa usabwere", zonsezi n'zomwezo.

1. Kulandira dandaulo

Aliyense wa inu akhoza kufikiridwa, pakamwa kapena pakalata. Mutengereni wodandaula pamalo poti ena sakumva, ndipo mufunseni ngati angakonde kulankhula ndi mayi kapena bambo. Msiyeni afotokoze mpaka amalize. Musafunse zimene anavala, chifukwa chimene wachedwera kunena, kapena ngati anali pachibwenzi ndi munthuyo. Lembani tsiku, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi anthu amene analipo. Mukatero muwerengereni m'chinenero chimene akumva, asayine kapena adinde chala, ndipo mupatseni kope lake.

Chimene ndikuletsa kotheratu ndi kuitana awiriwo kuti "akambirane pachibale". Zimenezi zimangotseka pakamwa wodandaula, ndipo anzake akaona sabweranso. Dandaulo lifike ku ofesi yanga pasanathe maola 24. Ngati wodandaulidwayo ndi manijala, kapena ine ndemwe, lipite kwa mkulu wa esiteti.

2. Zofunika tsiku lomwelo

Ngati munthu wagwiriridwa kapena wavulazidwa, pezani galimoto apite kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Muuzeninso kuti ali ndi ufulu wopita ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo sayenera kudikira kuti ife timalize zathu. Ngati wochitiridwayo sanakwane zaka 18, nkhaniyo timaipereka kupolisi tokha.

Alekanitseni awiriwo pa ntchito. Wosamutsidwa akhale wodandaulidwa, pokhapokha wodandaula atapempha yekha. Ngati pali mantha akuti wodandaulidwa aopseza mboni, aimitsidwe ntchito akulandira malipiro ake, ndipo kalatayo inene poyera kuti kuimitsidwaku si chigamulo.

3. Kufufuza

Komiti ya anthu atatu, mwa iwo mayi mmodzi kapena awiri, iyambe pasanathe masiku 3. Pasakhale wachibale, mnzake wa pamowa kapena bwana wa mmodzi wa awiriwo. Wodandaulidwa apatsidwe kalata yofotokoza zimene akumunenera, ndi masiku 5 oti ayankhe. Mboni zifunsidwe payekhapayekha. Mauthenga a pa WhatsApp ajambulidwe asanafufutidwe, ndipo onaninso buku la sikelo ndi la mayina: ngati makilogalamu a mayi anayamba kutsika sabata imene anakana kapitawo, umenewo ndi umboni.

Nkhani zotere kawirikawiri zimachitika popanda woona. Kusowa kwa mboni si chifukwa chotsekera fayilo. Funsani amene wodandaula anamuuza koyamba, ndipo onani ngati pali ena amene anadandaulapo za munthu yemweyo.

4. Kumva mbali zonse ndi chigamulo

Employment Act ya 2000 silola kuchotsa munthu ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo tikadumpha apa nkhani ikatigwera ku Industrial Relations Court. Aliyense abwere ndi womuperekeza, wa yuniyoni kapena mnzake wa pantchito. Wodandaula asakakamizidwe kukhala m'chipinda chimodzi ndi wodandaulidwa. Komiti iweruze poona mbali imene umboni ukulemera, ndipo zonse zithe pasanathe masiku 30.

Chilango chikhoza kukhala kalata ya chenjezo, kutsitsidwa paudindo kapena kuchotsedwa ntchito. Wogwiritsa ntchito udindo wake pofuna kugona ndi wantchito achotsedwe. Onse awiri alandire chigamulo pakalata, ndipo wosakhutira achite apilo kwa mkulu wa esiteti pasanathe masiku 7. Dandaulo limene umboni wake sunakwane si bodza, choncho wodandaula asalangidwe. Amene tingamulange ndi yekhayo amene zatsimikizika kuti anapeka dala.

5. Pambuyo pake

Fayilo ikhale mu kabati yokiya ku ofesi yanga, ndipo woulula nkhaniyi kwa anthu osakhudzidwa adzayankha mlandu wakewake. Kwa miyezi 3 ndizionana ndi wodandaula kamodzi pamwezi. Akapatsidwa munda wovuta mwadala, akadulidwa masiku, kapena dzina lake likasowa pa mndandanda wa sizoni yotsatira popanda chifukwa chomveka, manijala wa divishoniyo adzafotokoze pamaso pa komiti.