Umboni Wosonyeza kuti Magulu Awiri Si Aisomofiki: Mayankho a Ntchito Yachitatu ya Aljebura

Kwa ophunzira masamu a chaka chachitatu kuno ku Luwinga.

Ndawerenga mapepala anu onse, ndipo pa funso la D4 ndi Q8 ambiri mwalemba kuti munayesa kulumikiza ziwalo za magulu awiriwa m'njira zingapo koma sizinatheke, choncho maguluwo si aisomofiki. Yankho lomalizalo ndi loona, koma umenewo si umboni. Pakati pa magulu awiri a ziwalo 8 pali njira 40320 zolumikizira ziwalo chimodzi kwa chimodzi, ndipo kulephera kwa njira zochepa zimene mwayesazo sikutiuza chilichonse chokhudza zotsalazo. Chofunika ndi kupeza khalidwe limodzi limene aisomofizimu iliyonse imasunga, kenaka kusonyeza kuti gulu lina lili nalo pamene linalo lilibe.

Tiyambe ndi oda ya chiwalo, imene ndi nambala yaing'ono kwambiri n yoposa ziro yochititsa kuti g^n = e. Tinene kuti f: G → H ndi aisomofizimu. Popeza f(ab) = f(a)f(b), tikupeza kuti f(g^n) = f(g)^n pa n aliyense. Komanso f(e) = e, ndipo palibe chiwalo china chimene f imatumiza kwa e, chifukwa f siitumiza ziwalo ziwiri zosiyana pamalo amodzi. Motero g^n = e pamene f(g)^n = e, ndiponso pokhapo, zimene zikutanthauza kuti g ndi f(g) zili ndi oda yofanana. Tsono popeza f imafika pa chiwalo chilichonse cha H kamodzi kokha, chiwerengero cha ziwalo za oda iliyonse chiyenera kufanana m'magulu onse awiri. Chiganizo chomalizachi musamachisiye, pakuti ndicho chimatilola kuwerenga ziwalo ndi kuyerekeza.

Funso loyamba, losonyeza kuti Z4 ndi Z2 × Z2 si aisomofiki, linali losavuta. Mu Z4 chiwalo 1 chili ndi oda 4, pamene mu Z2 × Z2 chiwalo chilichonse chikaphatikizidwa ndi icho chomwe chimapereka (0,0), kotero mulibe cha oda 4. Chimodzimodzinso Z6 ili ndi chiwalo cha oda 6, koma mu S3 ma oda ndi 1, 2 ndi 3 basi.

Funso la D4 ndi Q8 ndi limene ndikufuna tikhalepo nthawi. Magulu a ziwalo 8 alipo asanu, ndipo awiriwa okha ndiwo si aabeliyani, ndiye kuti muli ziwalo zina zimene ab ndi ba sizifanana. Onse ali ndi senta ya ziwalo ziwiri, ndipo mukagawa gulu lililonse ndi senta yake mupeza Z2 × Z2. Amene munayamba ndi senta simunalakwe kuyesa, kungoti pano senta sikuwasiyanitsa. Ma oda ndiwo akuthetsa nkhaniyi. Dulani pepala lofanana mbali zonse zinayi, mulembe 1, 2, 3, 4 m'makona ake kumaso ndi kumbuyo, mulitembenuze ndi manja anu. Kulizunguza ndi madigiri 90 kapena 270 kumafuna maulendo anayi kuti makona abwerere m'malo mwake. Kulizunguza ndi madigiri 180 kumafuna awiri. Ndipo kuligadabuza, kumene kumatheka m'njira zinayi, kumafunanso awiri. Choncho D4 ili ndi ziwalo zisanu za oda 2 ndi ziwiri za oda 4. Gulu la Q8 limachokera ku makwataniyoni amene William Rowan Hamilton anatulukira mu 1843, ndipo ziwalo zake ndi ±1, ±i, ±j, ±k. Popeza i² = j² = k² = −1, ziwalo zisanu ndi chimodzi ±i, ±j, ±k zili ndi oda 4, ndipo cha oda 2 ndi −1 yekha. Gulu lina lili ndi zisanu, linalo chimodzi, motero aisomofizimu palibe.

Senta ya gulu G, imene timalemba Z(G), ndi ziwalo z zonse zimene zg = gz pa g aliyense wa mu G. Kuti aisomofizimu imasunga senta tikuona motere. Tengani z mu Z(G) ndi h aliyense mu H. Popeza f imafika paliponse mu H, pali g amene h = f(g), choncho f(z)h = f(zg) = f(gz) = hf(z), ndipo f(z) ali mu Z(H). Mfundo yomweyo tikaigwiritsa ntchito pa f⁻¹ ikutipatsa mbali inayo, kotero masenta awiriwo ali ndi ziwalo zochuluka mofanana. Onani pamene tadalira kuti f imafika paliponse. Homomofizimu wamba siitsimikizira zimenezi. Pa funso la A4 ndi D6, onse a ziwalo 12, senta ya A4 ndi e yekha, pamene senta ya D6 ili ndi e pamodzi ndi kuzunguza kwa madigiri 180. Amene munalemba kuti D6 ili ndi chiwalo cha oda 6 chimene A4 ilibe mwakhozanso, pakuti kusiyana kumodzi kotsimikizika n'kokwanira.

Pali chenjezo limene ndikufuna mulisunge bwino. Ma oda akasiyana, magulu si aisomofiki, koma akafanana sitinaphunzire kanthu. Mwa magulu 14 a ziwalo 16, tengani Z4 × Z4 ndi Q8 × Z2. Lililonse lili ndi chiwalo chimodzi cha oda 1, zitatu za oda 2, ndi 12 za oda 4. Komabe loyambalo ndi labeliyani, senta yake ndi gulu lonse la ziwalo 16, pamene senta ya lachiwiri ili ndi ziwalo zinayi zokha. Nthawi zina ngakhale senta imalephera. Gulu K lopangidwa ndi a ndi b, pamene a⁴ = b⁴ = e ndiponso bab⁻¹ = a⁻¹, lili ndi ziwalo 16, ma oda ake ndi ofanana ndi a Q8 × Z2, ndipo masenta onse awiri ndi aisomofiki ndi Z2 × Z2. Apa tiwerenge ziwalo zimene zingalembedwe ngati x², chiwerengero chimene chimasungidwa chifukwa f(x²) = f(x)². Mu Q8 × Z2 zilipo ziwiri, (1,0) ndi (−1,0), koma mu K zilipo zitatu, e, a² ndi b². Chitsanzo ichi ndimachikonda kwambiri, chifukwa chikusonyeza kuti muli ndi ufulu wodzipangira khalidwe lanulanu loyerekezera, bola likhale lofotokozedwa ndi kuchulukitsa kwa m'gulumo, osati ndi maina a ziwalo.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa magulu a ziwalo zosatha. Mu R* pansi pa kuchulukitsa, −1 ali ndi oda 2, koma mu R pansi pa kuphatikiza x + x = 0 imakakamiza x = 0, choncho awiriwa si aisomofiki. Samalani, pakuti mukangotenga manambala oposa ziro okha, f(x) = e^x ndi aisomofizimu yochokera ku (R, +). Pa Q zinthu zikusintha: mu (Q, +) chiwalo chilichonse q chingalembedwe ngati x + x, pamene pa manambala a mu Q oposa ziro pansi pa kuchulukitsa, x² = 2 ilibe yankho.

Ntchito ya sabata ino ndi kusonyeza kuti S4 ndi D12, magulu a ziwalo 24, si aisomofiki, m'njira ziwiri: poyamba ndi ma oda, kenaka ndi senta. M'njira iliyonse tchulani khalidwe limene mwasankha, tsimikizirani kuti aisomofizimu imalisunga, ndipo muliwerengere m'magulu onse awiri. Mapepala mudzapereke Lachisanu phunziro lisanayambe.