Kalata yofotokoza mmene tinawerengetsera peresenti ya odwala amene anabwera m'mwezi wa Okutobala 2024

Ofesi ya Woyang'anira Kiliniki,
Dera la Kanyama,
Lusaka.

18 Novembala 2024

Mkulu wa Zaumoyo,
Ofesi ya Zaumoyo ya Boma la Lusaka.

Bwana,

Ndalandira kalata yanu ya pa 13 Novembala, imene mwafunsamo chifukwa chimene chiwerengero cha odwala obwera pa tsiku lawo chatsikira kuchoka pa 91 peresenti mu Seputembala kufika pa 82 peresenti mu Okutobala, komanso njira imene tinatsata kuti tipeze 82 ameneyo. Ndakhala pansi ndi kalaliki wathu ndiponso namwino wamkulu, ndipo tabwereza kuwerenga m'mabuku onse tisanakuyankheni. Tapeza kuti 82 wa Okutobala ndi wolondola, pamene 91 wa Seputembala ndiye anali wolakwika.

Chiwerengero chimenechi sichikhudza aliyense wolowa pachipata chathu. Chimakhudza okhawo amene tinawapatsa tsiku loti adzabwerenso, ndipo iwowa ali m'magulu atatu: olandira mankhwala a ARV, amayi oyembekezera a kusikelo, ndi odwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Sitigwiritsanso ntchito chiwerengero cha anthu onse okhala m'dera lathu chochokera ku kalembera wa 2022, chifukwa chimenecho chimayankha funso lina, loti ndi anthu angati a m'deralo amene amafika kuchipatala. Funso lathu ndi loti, mwa amene tinkawadikira, anabwera ndi angati.

M'buku la masiku ndi m'kaundula wa odwala wa pa kompyuta wa SmartCare munali mayina 1,286 a anthu oyenera kubwera pakati pa 1 ndi 31 Okutobala. Pa amenewa tinachotsapo 36. Anthu 19 anali atasamukira ku zipatala zina atatenga kalata yowasamutsa tsiku lawo lisanakwane, 7 anali atamwalira, ndipo mayina 10 analembedwa kawiri. Kulembedwa kawiriko kunadza motere: monga mukudziwa, chaka chino magetsi akuzima kwa maola ambiri chifukwa madzi achepa ku Kariba, ndiye makompyuta akazima anamwino amalemba m'mabuku a pamanja, ndipo magetsi akayaka kalaliki amalowetsa zonse pambuyo pake. Pena dzina limodzi lalowa kawiri chifukwa cha kalembedwe kosiyana pang'ono. Tinayerekeza nambala za makadi kuti titsimikize. Motero amene tinkawayembekezeradi anali 1,250. Munthu amene anangosowa popanda kalata yosamukira sitinamuchotse, ngakhale achibale atanena kuti anapita kumudzi, pakuti kutero kukanakhala kudzikometsera chiwerengero.

Tsopano za amene tinawawerenga kuti anabwera. Pa tsiku lenileni lolembedwa pa khadi panafika anthu 871. Ena 64 anabwera tsiku lawo lisanakwane, ambiri mwa iwo chifukwa cha ulendo kapena ntchito, ndipo popeza anaonedwa ndi kulandira mankhwala awo tinawawerenga ngati obwera. Enanso 90 anachedwa koma anafika pasanadutse masiku 7. Pamodzi onsewa ndi 1,025, ndipo masamu ake ndi awa:

```
871 + 64 + 90 = 1,025
1,025 ÷ 1,250 × 100 = 82
```

Malire a masiku 7 tinagwirizana tokha pakiliniki pano, ndipo ndikuona kuti ndi oyenera. Mayi amene amagulitsa ku msika wa Soweto sangasiye malonda ake tsiku lililonse limene tamulembera, ndipo akabwera patapita masiku awiri chisamaliro chake sichinasokonekere kwenikweni. Mu Okutobala malirewa anali ofunika koposa chifukwa munali tchuthi chiwiri chimene chinagwera mkati mwa sabata, Lachisanu pa 18, tsiku la mapemphero a dziko lonse, ndi Lachinayi pa 24, tsiku la ufulu. Ife tomwe tinalakwitsa polembera anthu 58 masiku amenewa, ndipo sikukanakhala chilungamo kuwayesa ojomba pamene anafika Lolemba pa 21 kapena Lachisanu pa 25. Chifukwa cha malire omwewo, sitinatseke kuwerenga pa 31 Okutobala koma pa 7 Novembala, kuti wolembedwa tsiku lomaliza la mwezi nayenso apatsidwe masiku ake 7.

Otsala ndi anthu 225, amene ndi 18 peresenti. Mwa iwowa, 83 anabwera ndithu koma masiku 7 atadutsa kale, ndipo 142 sanaoneke kufikira pamene tinatseka kuwerenga. Ofesi yanu ikafuna kuti ochedwa 83 aja awerengedwe ngati obwera, chiwerengero chikhala 1,108 mwa 1,250, kapena kuti 88.6 peresenti. Ine sindinawaphatikize, chifukwa munthu wa ARV kapena wa kuthamanga kwa magazi amene wachedwa motero kawirikawiri amakhala atatha masiku angapo wopanda mankhwala, ndipo chiwerengero chathu chiyenera kuonetsa zimenezo m'malo mozibisa.

Pa magulu atatu aja, a ARV oyembekezeredwa anali 800 ndipo anabwera 688, amene ndi 86 peresenti. Amayi oyembekezera anali 250, anabwera 205, amene ndi 82 peresenti. A shuga ndi kuthamanga kwa magazi anali 200, koma anabwera 132 okha, amene ndi 66 peresenti. Ndikupempha amene adzafufuza masamuwa kuti asaphatikize 86, 82 ndi 66 n'kugawa ndi 3, pakuti adzapeza 78, chimene si cholondola chifukwa magulu atatuwa ndi osiyana kukula. Tinayamba taphatikiza anthu onse, kenaka n'kugawa kamodzi. Gulu lachitatuli ndilo likundidetsa nkhawa kuposa kutsika kumene mwafunsa, ndipo ndapempha alangizi athu a m'makomboni kuti ayambire pa mayina a gulu limeneli powalondola 142 aja.

Cholakwika cha Seputembala chinali chotere. Oyembekezeredwa anali 1,200 ndipo tinalemba kuti anabwera 1,092, n'chifukwa chake panatuluka 91 peresenti. Titabwerera m'mabuku tapeza kuti mwa 1,092 amenewo munalowa anthu 96 amene analibe tsiku loikidwa m'mweziwo, monga amayi oyamba sikelo koyamba ndi alendo odzatenga mankhwala ali paulendo. Iwowa anawerengedwa pa obwera koma sanali pa oyembekezeredwa, choncho anakweza chiwerengero popanda chifukwa. Tikawachotsa patsala 996 mwa 1,200, amene ndi 83 peresenti. Ndiye kuti kusiyana kwa miyezi iwiriyi ndi kwa 83 ndi 82 basi. Lipoti la Seputembala ndinasaina ndine osaona bwinobwino m'mabuku, ndipo mlandu wake ndi wanga, osati wa kalaliki.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mutilole kutumiza lipoti lokonzedwa la Seputembala kuti lilowe m'malo mwa loyamba lija, ndipo mutiuze ngati pali china choyenera kukonzedwa m'kaundula wa malipoti a zaumoyo wa DHIS2 chifukwa cha cholakwikachi. Chachiwiri, mutidziwitse ngati malire a masiku 7 ndi ovomerezeka kwa inu kapena pali ena amene zipatala za m'boma lino ziyenera kutsata, kuti lipoti la Novembala tidzaliwerengetse mofanana ndi anzathu. Pamodzi ndi kalata ino ndatumiza mapepala a kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku ka miyezi yonse iwiri, opanda mayina a odwala, ndipo mabuku enieniwo ali muofesi yanga ngati mungatume munthu kudzawaona.

Ndine wanu pa ntchito,

Woyang'anira Kiliniki