Mawu a mphunzitsi wa maphunziro a zaumoyo pa asembule ya Lolemba

A hedi, aphunzitsi anzanga, ndi inu ophunzira nonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, mwadzuka bwanji? Anyamata a kumbuyoko, sunthirani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Pa 31 Meyi chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi kusuta fodya, ndiye a hedi andipatsa mphindi zochepa. Zoti fodya amawononga mapapo munalemba kale m'makope. Lero ndikufuna mudziwe mmene makampani opanga ndudu amakusakirani.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amatha kupha mpaka theka la anthu omwe amasuta osasiya. Tsono taganizani ngati wabizinesi. Makasitomala ako akumwalira, ena akuleka. Olowa m'malo mwawo uwatenga kuti? Bambo wa zaka 40 sayamba kusuta chisawawa. Ku Amerika anapeza kuti pa anthu akuluakulu 10 osuta tsiku ndi tsiku, pafupifupi 9 analawa ndudu yoyamba asanapitirire zaka 18.

Izitu sindikupeka. M'zaka za m'ma 1990 makampaniwa anatengeredwa kukhoti ku Amerika, ndipo makalata awo achinsinsi anabwera poyera. Kalata ina ya kampani ya Philip Morris, ya mu 1981, inanena kuti wachinyamata wa lero ndiye angadzakhale kasitomala wokhazikika wa mawa. Ina ya R.J. Reynolds, ya mu 1984, inati achinyamata ndiwo okha angalowe m'malo mwa osuta omwe akuchoka. Kampani yomweyo inkatsatsa ndudu ndi chithunzi cha ngamila yovala magalasi akuda, dzina lake Joe Camel. Ofufuza atafunsa ana a zaka 6 mu 1991, ambiri anaizindikira ngamilayo. Ana a Sitandade 1 amenewo! Anaichotsa mu 1997 atapanikizidwa.

Mwina mukuti zimenezo ndi za kutali. Bwerani kuno kwathu. Pa okala ya ku Chinamwali, ku Matawale kapena kudepoti, ndani amakuuzani kuti mugule paketi yonse? Mumagula ndudu imodzi, ndalama yake yomwe ija mukanagulira mandasi pabuleki. Wogulitsa amakubwerekaninso machesi. Ndipo taonani pomwe nduduzo zimakhala: pambali pa maswiti ndi mabisiketi, pomwe maso a mwana amafikira. Mu 2008 atolankhani a BBC anafufuza kuno ku Malawi, ku Nigeria ndi ku Mauritius, n'kupeza kuti kampani ya British American Tobacco inkalimbikitsa malonda a ndudu imodziimodzi. Paketi imaopsa ndi mtengo, koma imodzi mumati "ndingolawa".

Kulawako ndiye akufuna. Chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi owerengeka, ndipo ubongo wanu ukukulabe mpaka mudzafike zaka pafupifupi 25. N'chifukwa chake wachinyamata amakodwa msanga kuposa munthu wamkulu. Koma pali vuto limodzi lomwe makampani amalidziwa bwino: ndudu yoyamba imatsamwitsa, imakhosomoletsa, ena mpaka chizungulire. Thupi limakana. Ndiye amathiramo mankhwala oziziritsa pakhosi kuti utsi ulowe bwino. Shisha ndi vepu ndiye anawonjeza: fungo la mango, la apozi, la chingamu. Agogo anu osuta chingambwe anapemphapo fodya wonunkhira chingamu? Vepu ina amaipanga yooneka ngati cholembera kapena fulashi kuti makolo ndi ife aphunzitsi tisaizindikire. Wina akakuuzani kuti ndi nthunzi chabe, dziwani kuti zambiri zili ndi chikonga chomwecho.

Kwinako mukukudziwa kuposa ine, pafoni. Mayiko ambiri analetsa kutsatsa fodya pawailesi ndi pakanema, choncho makampani amalipira anthu otchuka pa Instagram ndi masamba ena a mchezo kuti azijambulitsa akutulutsa utsi, atatchena, ali paphwando. Simuona mawu oti "gulani". Mumangoona kuti osuta ndiwo madolo. Atsikana, inunso anakukonzerani ndudu zoonda zamapaketi okongola.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu fizi imachokera ku fodya wogulitsidwa ku okushoni ku Limbe. Makolo anu sindikuwanyoza, amalima kuti inu muphunzire. Koma kulima fodya sikukukakamizani kumusuta, ndipo dziko lathu lomwe lino linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Ngati unayamba kale, usabisale kuseri kwa zimbudzi. Bwera ku ofesi ya aphunzitsi Lachitatu tikaweruka, tidzakambirane patokha, ndipo a hedi avomera kuti wobwera yekha sapatsidwa chibalo. A Fomu 3, Lachisanu mubwere mutalemba zomwe mwaona pa okala ya kwanu: ndudu aziika pati, ndipo akugula ndani.

Zikomo. Fomu 1 iyambe kulowa m'kalasi.