Kuyimitsa intaneti ya kunyumba ndi kubweza ndalama za miyezi yotsala, akaunti 40718

12 Meyi 2025

Zikomo akuofesi, muli bwanji?

Ndikulemba kuti muyimitse intaneti ya kunyumba kwanga ku Eriya 25, akaunti nambala 40718, tsiku lomaliza likhale 31 Meyi. Kuntchito anditumiza ku Chitipa ndipo mwandiuza nokha kuti netiweki yanu siyifika kumeneko, ndiye palibe chosungira akauntiyi.

Pa 1 Malichi ndinalipira K270,000 ya miyezi 6, Malichi mpaka Ogasiti, ndiye kuti K45,000 pamwezi, risiti yake ndayika pamodzi ndi kalatayi. Lachisanu nditayimba foni mchemwali amene anayankha anati ndalama sizibwezedwa, akuti mumangoyimitsa akaunti kuti ndidzapitilize ndikadzabwera, koma ine sindikubweranso msanga ndipo zimenezo sizimene zili mu mgwirizano umene tinasayinirana, ndawuwerenga bwinobwino. Ndime 8.2 ikunena kuti kasitomala akapereka notisi ya masiku 14 molemba, miyezi yathunthu imene sanagwiritse ntchito ndalama zake zimabwezedwa, mumangodulapo K5,000 ya ntchito ya muofesi basi. Notisi yanga ndi imeneyi, kuwerenga kuyambira lero masiku 14 akukwana pa 26 Meyi mwezi usanathe, ndiye Juni sakuyenera kukhudzidwa ayi.

Masamu ake ali chonchi. Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi K135,000, kuchotsapo K5,000 ija kutsala K130,000. Palinso dipoziti ya rauta K30,000 imene ndime 5 ikuti imabwerera rauta ikabwezedwa ili bwino. Rautayo ilibe vuto lililonse, chaja ndi katoni yake zonse zilipo ngakhale kasitika kapansi kaja sikanachoke, ndibwera nayo ndekha ku ofesi kwanu pa 2 Juni mmawa ndipo amene adzalandire adzandilembere kapepala koti walandira. Zonse pamodzi ndi K160,000. Za Meyi sindikufunsa, ndikugwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Ndime 8.4 ikuti mumabweza pasanathe masiku 21 akaunti ikatsekedwa, ndiye ndiyembekezera ndalamazi pofika pa 21 Juni. Mutumize pa Airtel Money pa nambala yomwe ija ndinalipilira, ili pa risitipo. Chonde musandipatse ngati kirediti ya pa akaunti, kumene ndikupitako ilibe ntchito, ndipo ndalamazi ndikuzidalira pa lendi ya nyumba yatsopano ndi thiransipoti ya katundu, kusamuka Lilongwe mpaka Chitipa si zamasewera.

Intaneti yanu yandithandiza, ana amaphunzilirapo ndipo sindikuchoka mokwiya. Koma zikakanika kuti timvane ndidzakakamizika kukadandaula ku MACRA komanso ku CFTC, zomwe sindikufuna kuti tifikeko chifukwa zonse zinalembedwa kale mu mgwirizano wanu womwe.

Mundiyankhe molemba sabata ino kuti kalatayi mwayilandira, tsiku lotseka ndi 31 Meyi ndipo K160,000 mwagwirizana nayo. Ngati masamu anu akusiyana ndi anga mundiwonetse ndime imene mukutsatira.

Zikomo kwambiri,
Nabanda
Eriya 25, Lilongwe